Anamulembetsa Baibulo, iye akufuna Bayoloje

## Tinapitira zina

Tsiku limenelo ndinapita kusukulu kuja kukafunsa za kusintha senta yolembera mayeso basi. Za Bayoloje sizinali m'mutu mwanga n'komwe.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ndinkakhala naye ku Dedza. MSCE anali atalemba kale chaka cham'mbuyo, satifiketi n'kupeza ndithu, koma Bayoloje anapeza 7. Amene munalembapo mukudziwa kuti 7 ndi kungodutsa chabe, kirediti imathera pa 6. Tsono iye mtima wake uli pa unamwino, ndipo kumeneko munthu wopanda kirediti ya Bayoloje fomu yake sayiyang'ana kawiri. Tinagwirizana kuti abwereze, azipita ku openi masana, alembe ngati ekisiteno. Maphunziro anatenga asanu ndi awiri omwe aja: Chingerezi, Chichewa, Masamu, Zaulimi, Fizikisi, Kemisitiri ndi Bayoloje. Tinafuna kuti makirediti onse adzakhale papepala limodzi.

Analembetsa mu Novembala. Ndalama ndinalipira ndekha pafoni, uthenga wotsimikiza n'kubwera, ine n'kupuma. Mu Febuluwale kuntchito anandipatsa kalata yoti ndisamukire ku Liwonde. Mwana wamkazi sungamusiye yekha m'nyumba ya lendi, choncho maganizo anga anali akuti tisamukire limodzi, ndipo mayeso akalembere konko. Ndinkaona ngati n'chinthu cha kalata imodzi.

## Mzere wake

Linali Lachiwiri, kumayambiriro kwa Malichi, mvula ikuwaza. Aphunzitsi oona za mayeso anatilandira m'kaofesi kodzaza ndi makatoni a choko. Nditafotokoza nkhani yanga sanayankhe msanga. Anatsegula kabati n'kutulutsa mpukutu wa mayina, mapepala aakulu omangidwa ndi chingwe pakona, n'kuyamba kutsetsereka ndi rula mpaka anapeza dzina la mphwanga.

Anawerenga mokweza, monga amachitira aphunzitsi. Dzina, tsiku lobadwa, nambala. Kenako maphunziro. Atafika pa lachiwiri anati, "Baibulo."

Mphwanga anaseka. "Ayi aphunzitsi, ine BK ndinasiyira ku Fomu 2."

Iwo sanaseke. Anatembenuza mpukutuwo kuti tione tokha. Pamzere wake panali M012, imeneyo ndi Zaulimi. Kenako M021. Nambala ya Bayoloje ndi M022, ndipo pamzerepo panalibe. M021 ndi Baibulo. Maphunziro awiriwa amagundana mapewa paliponse pamene alembedwa: manambala awo ndi otsatizana, mayina awo a Chingerezi amayamba ndi zilembo ziwiri zofanana, ndipo pamndandanda wa pakompyuta lina lili pamwamba pa linzake. Munthu amene akulowetsa ana mazana angapo, netiweki ikudukaduka, tsiku lotsekera lili mawa, chala chikangoterereka pang'ono ndiye kuti mwana wa unamwino wasanduka wa Baibulo.

Ine magazi anathamanga. Ndinayamba kukweza mawu, kunena kuti amene analowetsa ndiye akonze, ife tilibe mlandu. Aphunzitsi aja anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anasuntha rula ija kupita kumapeto kwa mzere, n'kuloza ndi chala.

Panali saini ya mphwanga. Tsiku lake la mu Januwale.

"Bambo," anatero, "mpukutu uwu tinaupachika sabata yathunthu. Aliyense anabwera, anaona mzere wake, n'kusaina kuti zonse zili bwino. Amene anapeza cholakwika tinamukonzera ulere. Uyu anasaina."

Ndinayang'ana mphwanga. Maso anali pansi. "Malume, ine ndinayang'ana dzina ndi tsiku lobadwa. Anzanga amanena kuti chovuta ndi sipelo ya dzina. Maphunziro ndinangowerenga kuti alipo seveni."

Ndikanamukalipira, koma mawu anandikanira pakhosi, chifukwa nanenso ndinachita zomwezo. Pepala limene anabwera nalo mu Novembala, lija linali ndi nambala yolipirira, ndinaligwira m'manja mwangamu. Ndinawerenga mizere, isanu ndi iwiri, ndinayang'ana ndalama pansi, n'kulipira. Anthu atatu tinaona pepala limodzi, wolowetsa, mwini wake ndi wolipira, ndipo tonse tinawerenga kuchuluka kwa maphunziro, osati maphunzirowo.

Chimene chinandizizira m'nkhongono pobwerera kunyumba n'chakuti tikanapanda kusamutsidwa, sitikanapita kuofesi ija. Mwana akanawerenga Bayoloje usiku ndi usana mpaka Julayi, n'kukamva pakhomo la labu kuti dzina lake mulibe. Ndipo onani mmene zikanathera. Baibulo sakanalemba, poti sanaphunzire. Akanatsala ndi maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo amenewo ndi okwanira kupezera satifiketi. Mwina mapointi akanatsika kuchoka pa 31 amene anali nawo kufika m'ma 20, ife n'kuphika mpunga. Koma chimene anabwerezera chaka chonse chikanakhala kuti sanachikhudze.

## Bwanji osangofufuta ndi bolopeni?

Funso limeneli ndinalifunsa, ndipo ndikudziwa kuti makolo ambiri amalifunsa. Nambala imodzi yokha, 1 akhale 2. Chovuta n'chiyani?

Ahedi ndi amene anandikhazika pansi tsiku lotsatira. Ndi munthu wachikulire, wayang'anira mayeso zaka zambiri, ndipo sanandifotokozere ngati lamulo. Anandifotokozera ngati mmene amafotokozera munthu za kagawidwe ka nyama paukwati.

Kalembera akatsekedwa, mayina amachoka m'manja mwa sukulu. Amakhala ali ku MANEB ku Zomba, ndipo kumeneko mayina aja amasanduka ziwerengero. Senta yakuti, Bayoloje ana mwakuti, Baibulo ana mwakuti. Ziwerengero zimenezo ndi zimene amasindikizira mapepala a mafunso, ndi zimene amapakira maenvulopu a senta iliyonse, phunziro lililonse, pepala lililonse payekhapayekha. Ndi zomwezonso zimene amalembera mndandanda wosainapo ana m'chipinda cha mayeso, ndi mapepala amene ochonga amadzalembapo malikisi. Mwana mmodzi akasuntha, pamafunika munthu woti atsatire dzina lake m'malo onsewo. Akaiwala malo amodzi, mwana amalemba bwinobwino koma malikisi ake n'kusowa pokhala.

Envulopu ya mayeso si thumba la chimanga loti ungamasule n'kuwonjezeramo mbale imodzi. Imamatidwa, imasungidwa polondera apolisi, ndipo imatsegulidwa pamaso pa ana tsiku lolemba. Tonse tikukumbukira 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa mu Novembala mapepala atabedwa, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Amene anaona zimenezo sangadabwe kuti chilichonse chokhudza kuchuluka kwa mapepala opita kusenta chimagwiridwa ngati dzira.

Tsono Bayoloje ali ndi vuto lake lapadera. Baibulo ndi pepala ndi bolopeni basi. Bayoloje ali ndi pulakitiko. Mwana aliyense amafunika malo ake patebulo ndi zipangizo zake: machubu, timabotolo ta mankhwala oyezera zakudya monga ayodini, tsamba kapena mbewu kapena kachilombo kamene afunsa chaka chimenecho. Aphunzitsi a labu amakonzeratu zonsezi potengera chiwerengero cha pampukutu, ndipo ana akachuluka amawagawa m'magulu olowa mosinthana. Kuchoka ku Bayoloje kupita ku Baibulo ndi kutsika phiri. Ife timafuna kukwera.

Apa ndi pamene ndinamvetsa ndalama yowonjezera ija. Poyamba ndinkaiona ngati kungolanga anthu osauka. Pena ndimaionabe choncho, chifukwa mlimi wa kumudzi ndi mwana wa bwana amalipira yofanana, ndipo kwa mlimiyo ndi mbuzi. Koma ndinaona kuti ili ndi ntchito ziwiri. Ina ndi kulipirira chintchito chotsata dzina limodzi m'mipukutu yonse ija. Ina ndi kutseka khomo. Kukanakhala kwaulere, theka la ana a Fomu 4 bwenzi akusintha maphunziro mayeso oyeserera akangotuluka: wagwa Fizikisi athawire ku Jogalafe, wagwa Jogalafe athawire kwina, mpaka osindikiza osadziwa chosindikiza.

## Alangizi a pamsika

Nkhani ikangomveka, alangizi sasowa. Awiri ndimawakumbukira.

Woyamba anali mnzanga wa kuntchito. Iye anati ndisataye ndalama. "Angopita tsikulo akakhale pansi. Mapepala amakhalapo otsala, ena sabwera. Akalemba alemba, sangataye pepala la mwana."

Zinkamveka zanzeru, ndipo ndinazitengera kwa ahedi. Anapukusa mutu. Anati inde, mwina pepala lotsala lingapezeke, koma vuto silili pa kulemba, lili pa kutuluka kwa zotsatira. Pepala la mwana amene sali pampukutu wa phunzirolo limayenda ngati mlendo wopanda kalata. Woyang'anira mayeso ayenera kulemba lipoti lofotokoza chifukwa chimene mapepala achulukira kuposa mayina. Kumene akulowetsa malikisi, nambala ya mwanayo pa Bayoloje siioneka. Zikatero zotsatira zikhoza kugwidwa kaye mpaka nkhaniyo itaunikidwa, ndipo ndalama imene munkaithawa ija mudzailipirabe, koma tsopano anzake atatenga kale mafomu a kukoleji. Komanso woyang'anira ali ndi mphamvu yongokana, makamaka pa pulakitiko pamene malo ndi owerengeka. Anandifunsa kuti: chaka chonse cha mwana mukufuna chitsamire pa chifundo cha munthu amene simukumudziwa, amene mwina adzadzuka atakwiya?

Wachiwiri anali bambo wina wovala bwino amene anandipeza ndikudikira minibasi. Sindikudziwa anamva bwanji. Anati ali ndi munthu wake, ndingomupatsa ndalama ndi nambala ya mwana, pofika Lachisanu zonse zikhala zitasintha, popanda makalata. Ndinamufunsa ngati adzandipatse lisiti. Anaseka n'kunena kuti zinthu zoterezi siziyenda ndi malisiti. Ndinakwera minibasi.

## Njira ya ku Zomba inadzera ku Dedza

Pofika pakati pa Malichi ndinali nditayamba ntchito ku Liwonde. Kuchokera ku Liwonde, Zomba ndi pakhomo, ulendo wosadya n'kamba komwe. Mtima unkandiuza kuti ndingokwera, ndikaonane nawo maso ndi maso. Ahedi anandiletsa pafoni. Anati mwana sanalembetse yekha, anamulembetsa ndi senta, ndipo pempho losintha liyenera kuchokera kusenta, ndi chidindo chawo. Kholo likangofika lokha ndi nkhani yapakamwa, adzalibweza komwe kuli mpukutu. Choncho njira yanga ya ku Zomba inadzera ku Balaka, ku Ntcheu, pa Lizulu, mpaka ku Dedza.

Ndifotokoze mmene zinayendera, poti apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri.

Choyamba ahedi anatulutsa kalata ya chaka chimenecho yochokera ku bungwe la mayeso, ija imafotokoza masiku ndi ndalama. Ndikukulangizani kuti muzipempha kuiona ndi maso anu. Ndalama zimenezi zimasintha, ndipo zimene analipira mnansi wanu zaka ziwiri zapitazo si zimene mulipire inu. M'kalatamo ndinaona kuti masiku otsekera si limodzi ayi. Pali tsiku lotseka kulembetsa ndi kulipira, limene tonse timalidziwa chifukwa amalilengeza pawailesi. Pali nthawi yoona mpukutu ndi kukonza zolakwika, imene ife tinaigona. Ndiye pali malire omaliza, amene ukawadutsa ngakhale utabwera ndi ndalama m'thumba la feteleza palibe chimene angachite, chifukwa mapepala apakidwa kale. Ife tinali pakati pa achiwiri ndi achitatu, ndipo masiku anali akutha.

Kenako mphwanga analemba kalata ndi dzanja lake. Ahedi anaumirira kuti ikhale yaifupi ndipo ikhale ndi zinthu zosasokonezeka: dzina monga lilili pampukutu, osati monga timamuitanira kunyumba, nambala ya senta ndi nambala yake, phunziro lochotsa, dzina ndi nambala yake, M021, phunziro lolowetsa, dzina ndi nambala yake, M022. Kalata yoyamba anaibweza chifukwa mwanayo anangolemba kuti akupempha kuti amuike Bayoloje. "Ukapanda kunena chochotsa," anatero, "adzangowonjezera. Udzakhala ndi maphunziro eyiti, ndipo pa Baibulo padzalembedwa kuti sunabwere." Pamwamba pa kalata yakeyo sukulu inaikapo yawo yoikira umboni, ndi fotokope ya tsamba la mpukutu pamene panali mzere wake, ndi umboni wa ndalama zimene ndinalipira mu Novembala. Mwayi wake uthenga uja ndinali ndisanaufufute mufoni.

Tsono ndalama. Ine ndinkaganiza kuti popeza Baibulo ndinalipira kale, ndalama yakeyo ingosamukira ku Bayoloje, ine n'kuwonjezera kachilango kokha. Sizinatero. Ya Baibulo inapita, ndalama za mayeso sizibwerera. Bayoloje ndinamulipira ngati phunziro latsopano, ndipo pamwamba pake panabwera ndalama yosinthira mochedwa. Kunena kwina, mpando umodzi wa m'chipinda cha mayeso ndinaulipira katatu. Kusukulu nakonso anandikumbutsa kuti ekisiteno wolemba phunziro la pulakitiko amathandizapo pa zipangizo za mu labu, ndipo mphwanga pamndandanda umenewo sanalipo, poti pampukutu anali wa Baibulo.

Koma ndikawerengera bwinobwino, zimene zinandidya kwambiri si zimenezo. Ndi msewu. Ku Dedza ndinapitako kanayi. Ulendo woyamba kukalemba makalata. Wachiwiri kukapereka umboni wa malipiro, chifukwa ahedi anafuna pepala lenileni loti amangirire ku kalata, osati chithunzi cha pafoni. Wachitatu ndinapita pachabe, ndinapeza ahedi ali kumaliro, ndipo chidindo chinali m'kabati yokiya. Wachinayi ndi umene ndifotokoze pansipa. Ulendo uliwonse ndi thiransipoti yopita ndi kubwera, chakudya cha panjira, ndi tsiku limodzi lopempha kuntchito kumene ndinali mlendo. Nditaphatikiza, thiransipoti yokha inaposa ndalama zonse zimene zinalembedwa pa malisiti. Mlongo wanga anagulitsa matumba awiri a chimanga nthawi imene chimanga chinali chisanapse m'munda, ndipo amene mumalima mukudziwa kuti kugulitsa chimanga mu Malichi ndi kugulitsa nsima ya ana.

Chinthu china chimene ndikanalakwitsanso: nditalipira ndinkaona ngati zatha. Ahedi anati ayi. Lisiti imangonena kuti ndalama yalowa, sinena kuti dzina lasuntha. Umboni ndi umodzi wokha, kuona mzere wa mwana pampukutu watsopano uli ndi nambala yoyenera. Anati anaonapo makolo atalipira zonse, makalata n'kutsalira m'dirowa ya munthu wina panjira, iwo ali phee kunyumba ndi lisiti yawo. Choncho Lolemba lililonse ndinkaimba foni. Ndikudziwa kuti ndinawatopetsa.

Mu Meyi anandiimbira okha. Ndinanyamuka m'mawa mwake, ulendo wachinayi uja. Aphunzitsi oona za mayeso anatulutsa pepala latsopano n'kuika rula yomwe ija pansi pa dzina. Nthawi ino sitinawerenge kuchuluka. Mphwanga ankatchula nambala, ine n'kumayang'ana pa timateyibulo kuti nambalayo ndi phunziro lanji, mmodzimmodzi ngati tikuwerenga ndalama za chipereganyu. M012. M022. Anaima pamenepo n'kubwerezanso. M021 panalibe.

## Nanga za senta zija?

Mwina mwaiwala kuti ndinapitira zimenezi. Senta sitinasinthe, ndipo ndimaona kuti pa zonse zimene tinachita chaka chimenecho, chanzeru chinali chimenechi.

Nditafunsa, ahedi anandiyalira zofunika. Senta imene mwana akuchoka ilembe kalata yomumasula. Senta imene akupita ilembe kalata yomulandira, ndipo si kuti imakakamizidwa: ikhoza kukana ngati malo m'holo adzaza, kapena ngati phunziro lina la mwanayo iwo salembetsa. Apa Dedza ndi Liwonde zili m'zigawo zamaphunziro zosiyana, choncho makalata akanadutsa m'maofesi ambiri. Pali ndalama yosamutsira, ndipo ekisiteno amalipiranso ndalama ya senta kumalo atsopanoko, ija analipira koyamba osabwezedwa.

Koma chimene chinandigwetsa mphwayi si ndalama. Nambala ya mayeso ya mwana imayamba ndi nambala ya senta. Si nambala yake yekha ngati ya chiphaso cha unzika, ndi adiresi. Imanena kumene mapepala ake a mafunso apite, kumene asaine, ndi kumene zotsatira zake zidzafikire. Kusintha phunziro ndi kusuntha dzina pamalo amodzi. Kusintha senta ndi kusuntha maphunziro onse asanu ndi awiri, pepala lililonse, kuchotsa m'maenvulopu a uku kuika m'maenvulopu a uko, kuphatikizapo mapulakitiko a Zaulimi, Fizikisi, Kemisitiri ndi Bayoloje amene. Ndiye taganizani kuchita zimenezo nthawi imodzi ndi kusintha phunziro. Mapempho awiri akuyenda, lina likuti mwanayu muikeni Bayoloje ku Dedza, lina likuti mwanayu sali ku Dedza. Limodzi likachedwa, akhoza kupezeka kuti Bayoloje wake ali ku Dedza, iye ali ku Liwonde ndi Baibulo.

Ahedi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Bambo, mayeso ndi milungu yochepa. Kusamutsa mwana n'kosavuta kuposa kusamutsa nambala."

Sindikunena kuti kusintha senta n'kosafunika. Mwana amene wadwala n'kugonekedwa kutali, kapena amene makolo asamukira kutali ndipo kumbuyo kulibe aliyense womusunga, alibe kuchitira mwina, ndipo njira ilipo chifukwa cha anthu otere. Koma ambirife timaithamangira tisanawerengere. Ine nditaika mbali ziwirizi papepala, mbali ina panali ndalama yosamutsira, ya senta yatsopano, maulendo a makalata ku masukulu awiri, ndi mantha oti china chitayika panjira. Mbali ina panali ufa, ndiwo, makala ndi sopo wa mwezi umodzi. Komanso ku Dedza n'kumene kunali aphunzitsi ake a Bayoloje, ndi labu imene anazolowera, imene amadziwa kuti mpopi wake wa kumanzere sutuluka madzi.

Mayi ena a kumpingo kwathu, amasiye okhala ndi adzukulu awiri, anavomera kumusunga. Poyamba tinati adzapiteko mayeso akayandikira, koma pomaliza anangotsala komweko kuyambira Epulo kuti asadukize maphunziro. Ine ndinkatumiza ya ndiwo mwezi ukatha.

## Julayi

Chaka chimenecho mapulakitiko anali koyambirira kwa timateyibulo. Usiku woti mawa ndi Bayoloje sindinagone bwino. Mpukutu ndinali nditauona ndi maso anga, komabe mtima unkangoti nanga pepala la pakhomo la labu likakhala lakale?

Ndinamuuza kuti alawirire, atenge chiphaso chake cha mayeso, ndiponso envulopu ya khaki imene tinaikamo mafotokope a zonse: kalata yake, kalata ya sukulu, malisiti, ndi tsamba la mpukutu watsopano. Envulopuyo akaisiye kwa aphunzitsi panja, poti m'chipinda salowa ndi pepala lililonse. Dedza mu Julayi mukuidziwa. Akuti anafika kukadali chifunga, zala zitauma, n'kukaima pamzere atavala juzi ya mayi aja.

Foni inalira cha m'ma 11. Ndinali pamsonkhano, koma ndinatuluka.

"Malume, ndalemba."

"Dzina linalipo?"

"Linalipo. Koma linali pansi penipeni, osati pa afabeti. Nditayang'ana pamalo anga n'kuona palibe, miyendo inalobodoka. Ndi amene amayang'anira aja anandiuza kuti yang'ana kumapeto."

Envulopu ija sanaitsegule n'komwe. Ili kuno ku Liwonde, m'sutikesi ya pansi pa bedi, pamodzi ndi makalata a ntchito.

Zotsatira zitatuluka anapeza 4 pa Bayoloje. Mlongo wanga anabwera kudzathokoza atanyamula nkhuku, ndipo tili pakhonde ndinamuwerengera zonse zimene zinapita, kuphatikizapo ndalama ya Baibulo ija imene sinabwerere. Anakhala chete pang'ono, akuthothola nthenga. Kenako anati, "Achimwene, imeneyo musaiwerengere. Inali ya Baibulo. Tingoti tinapereka chachikhumi."